Kukulitsa patani ya juzi ya lagilani kuti ikwane chifuwa cha masentimita 108

*Ndili ndi patani ya juzi ya abambo imene anandipatsa apongozi anga, ya manja a lagilani, yoluka zidutswa zinayi kenako n'kusoka. Saizi yake ndi imodzi yokha, ya chifuwa cha masentimita 96, pomwe bambo a kunyumba chifuwa chawo ndi 108. Patani ikuti kumbuyo ndiyambe ndi masitichi 114. Ndiwonjezere angati, nanga mizere ndiwonjezerenso? Ulusi ndagula kale wa dabulo niti magalamu 500, ndipo ndikufuna ndimalize kusanazizire. Chithunzi cha patani ndatumiza. — Mayi wa ku Dedza*

Mayi, singano ziikeni kaye pambali. Tengani tepi ya telala, lula, pensulo ndi kope, chifukwa tsiku loyamba la juzi imeneyi ndi la kuyeza ndi kuwerengera.

Nambala ya 114 ija inachokera pa zinthu ziwiri: kukula kwa juzi imene wolemba patani ankafuna, ndi kulimba kwa dzanja lake poluka. Zonse ziwiri kwa inu zasintha. Ndiye njira yake ndi iyi: masitichi a pataniyo tiwasandutsa masentimita, masentimitawo tiwasintha kuti agwirizane ndi thupi la bambo, kenako tiwabwezera ku masitichi malinga ndi mmene dzanja lanu limalukira. Ndipo tichita zimenezi pa chiwalo chilichonse pachokha, chifukwa munthu akanenepa chifuwa sanenepa khosi mofanana, mikono yake siitalika, mapewanso amangosuntha pang'ono. Amene amangowonjezera paliponse mofanana ndi amene amatulutsa juzi yokwana pachifuwa koma khosi lake lili ngati kukamwa kwa mtsuko.

Tiyambe ndi kufunsa pataniyo kuti juzi yake ikatha imakhala yaikulu bwanji. Pa chithunzi mwatumiza ndikuona kuti tenishoni yake ndi masitichi 22 ndi mizere 30 pa masentimita 10, pa singano za mamilimita 4. Ndiye kuti sentimita iliyonse ili ndi masitichi 2.2 ndi mizere 3. Mukamaliza libu ya m'munsi, patani ikuti muwonjezere awiri akhale 116. Awiri mwa amenewa amalowa mu msoko, imodzi mbali iyi ina mbali iyo, ndiye ooneka ndi 114. Gawani 114 ndi 2.2, mupeza masentimita 52 kuperewera pang'ono. Kumbuyo ndi kutsogolo pamodzi ndi 104. Mwaona? Juzi ya munthu wa chifuwa cha 96 ndi ya masentimita 104. Masentimita 8 apamwambawo ndi danga loti munthu apume, avale shati mkati, akweze mikono. Danga limeneli tilisunga, ndiye juzi ya bambo ikhale 108 kuphatikiza 8, yomwe ndi 116, ndipo chidutswa chilichonse, chakumbuyo ndi chakutsogolo, chikhale masentimita 58.

Koma musanakhulupirire 108 ija, ayezeninso atavala shati imene azidzavala mkati, manja ali pansi, tepi ikudutsa m'khwapa ndipo isapendekeke kumsana. Abambo ambiri akaona tepi amakoka mimba n'kutukumula chifuwa, ndiye achezetseni kaye aiwale. Yezaninso pamimba. Ngati mimba yaposa chifuwa, werengerani kuchokera pa mimba, chifukwa juzi imeneyi ndi yowongoka kuchokera m'munsi mpaka kukhwapa. Ngati ali ndi juzi ina imene amaikonda makwanidwe ake, iyaleni patebulo, muyeze kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa linalo. Mukapeza pakati pa 57 ndi 59, ndiye kuti 58 yathu ili m'malo mwake.

Tsopano kachidutswa koyesera. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu amathamangira, ndipo masamu onse otsatira atsamira pomwepa. Ikani masitichi 35 pa singano za mamilimita 4, mulukeni kalukidwe komweko ka thupi la juzi, mzere wa puleni, mzere wa pelo, mpaka kafike masentimita 15. Musakachepetse. Kachidutswa ka masitichi 20 kamanama, chifukwa masitichi a m'mphepete amapindika ndipo dzanja limakhala lisanakhazikike. Tsekani masitichi mosakoka, kachapeni mmene muzidzachapira juziyo, kayaleni pa thaulo kaume kokha. Osakayanika pachingwe, osakasita. Ulusi wambiri wa dabulo niti umene timaupeza m'masitolo ndi wa akiriliki, ndipo akiriliki akakhudzidwa ndi simbi yotentha amafota n'kutambasuka osabwereranso, ndiye mukayeza kachidutswa kosita mwayeza nsalu ina.

Kakauma, kaikeni pamalo osalala, muike lula pakati, mubaye mapini awiri motalikirana masentimita 10, muwerenge masitichi a pakati pa mapiniwo. Sitichi iliyonse imaoneka ngati chilembo cha V. Ngati pamapeto patsala theka la V, liwerengeni theka lomwelo, musalitaye. Theka limodzi pa masentimita 10 likuoneka ngati palibe kanthu, koma pa juzi ya masentimita 116 limasanduka masitichi pafupifupi 6, amene ndi masentimita atatu. Yezani malo atatu osiyana, mutenge nambala ya pakati. Kenako tembenuzani lula, muwerenge mizere chimodzimodzi.

Poti kachidutswa kanu sindinakaone, ndigwiritsa ntchito manambala amene ndimawaona kawirikawiri kwa anthu a dzanja lofewa pa ulusi umenewu: masitichi 21 ndi mizere 28 pa masentimita 10, kutanthauza 2.1 ndi 2.8 pa sentimita. Mukapeza ena, ikani anuwo paliponse pamene ndalemba 2.1 ndi 2.8. Ndipo musavutike kusintha singano kuti mufanane ndi patani. Poti tikuwerengera tokha, chofunika ndi chakuti nsaluyo ikukusangalatsani m'manja, siili ngati neti komanso siili ngati chikumba.

Masitichi a kumbuyo ndi masentimita 58 kuchulukitsa ndi 2.1, zomwe zikupereka 121.8. Titenge 122, tiwonjezere awiri a msoko, akhale 124. Onani kuti pa 116 wa patani tangowonjezera 8 okha, ngakhale juzi ikukula ndi masentimita 12, chifukwa masitichi anu ndi okulirapo kale. Mukanawerengera ndi 2.2 ya patani mukanaika 130, ndipo m'dzanja lanu akanatulutsa juzi ya masentimita 122, yoposa ndi 6. Kusiyana kwa sitichi imodzi pa kachidutswa kuja ndi kumeneko.

Libu ya pataniyi ndi ya puleni awiri, pelo awiri. Kuti mbali zonse ziwiri zithere pa puleni ndipo msoko usaoneke, nambala yake iyenera kugawika ndi 4 n'kutsala 2. N'chifukwa chake wolemba anayamba ndi 114 osati 116. Yoyandikira 124 ndi 122, ndiye yambani ndi 122 pa singano zazing'ono zija za mamilimita 3.25, mulukeni masentimita 6, ndipo pa mzere womaliza wa libu muwonjezere awiri. Limenelo ndiye yankho la funso lanu loyamba: 122 m'malo mwa 114, ngati dzanja lanu lili pa 21.

Kutalika kwa thupi kuchokera m'munsi kufika kukhwapa sikuyendera chifuwa, kumayendera msinkhu. Yezani pa juzi yawo yakale ija, kapena pa iwo eni, kuyambira zala ziwiri pansi pa khwapa kufika pamene akufuna ilekeze. Tinene kuti ndi masentimita 40. Chotsani 6 a libu, atsala 34, kuchulukitsa ndi 2.8 ndi mizere 95 ndi kanthu, ndiye lukani 96 kuti muthere pa mzere wa pelo. Lembani nambalayo, ndipo kutsogolo mudzaluke 96 yomweyo powerenga, osati poyeza ndi tepi. Nsalu yoluka imamvera dzanja la woyeza, lero ikupatsani 40, mawa 41, ndipo posoka mudzapeza mbali ina yatsala.

Pofika pa lagilani ndi pamene mizere imayamba kulamula. Onani mmene patani yachitira: pa 116 ikutseka 4 mbali iliyonse, atsala 108, kenako ikuchepetsa sitichi imodzi mbali iliyonse pa mzere wachiwiri uliwonse mpaka atatsala 36 a khosi. Kuchoka pa 108 kufika pa 36 ndi masitichi 72, kapena 36 mbali iliyonse, ndipo izi zimatenga mizere 72. Pa mizere 3 pa sentimita, kuya kwa khwapa ndi masentimita 24. Patani sinalembe 24 paliponse. Yangoti chepetsani mpaka atatsala 36, ndipo msampha uli m'mawu amenewo. Kwa wolemba, masitichi amatha ndendende pamene kuya kwakwana. Kwa inu sizichitika zokha, chifukwa masitichi anu ndi ochuluka ndipo mizere yanu ndi yaitali. Mukatsatira mawuwo mmene alili, 124 kuchotsa 8 ndi 116, kufika pa 36 ndi masitichi 40 mbali iliyonse, mizere 80, ndipo pa 2.8 ndi masentimita 28 ndi theka. Khwapa latsika, ndipo munthu akakweza mkono juzi yonse imakwera naye mpaka lamba kuonekera.

Ineyo zinandichitikira pa juzi yoyamba imene ndinakulitsa, ya achimwene anga, amene ndi a chifuwa chachikulu koma afupi. Ndinawonjezera masitichi a thupi bwinobwino, n'kumangochepetsa mpaka atatsala a khosi monga pepala linanenera. Atavala, khwapa linali pafupi ndi nthiti za m'munsi, manja akulendewera kubisa zala. Anayamika ndithu, koma ndinaiona juziyo nthawi yonse yozizira ili pamsana pa mpando. Ndinamasula mpaka kukhwapa, zidutswa zonse zinayi.

Ndiye sankhani kaye kuya, masitichi atsatire. Kwa chifuwa cha 108, masentimita 26 ndi abwino, awiri okha kuposa a patani. Mungatsimikize pa juzi yakale poyeza mowongoka kuchokera pa khosi lakumbuyo kutsika kufika pa mzere wa makhwapa, osati motsata msoko wopendekeka. Masentimita 26 kuchulukitsa ndi 2.8 ndi 72.8. Tikufuna nambala yogawika pawiri, ndiye titenge mizere 74. Poti timachepetsa pa mizere ya kumaso yokha, ya puleni, mipata yochepetsera ndi 37.

Khosi lakumbuyo m'patani ndi masitichi 36 pa 2.2, masentimita 16 ndi kanthu. La bambo likhale 17, basi. Pa 2.1 ndi 35.7, ndiye ndi 36 yomweyo. Nambala siinasinthe ngakhale khosi lakula pang'ono. Kukhwapa tsekani 5 mbali iliyonse m'malo mwa 4, poti munthu wonenepa amafuna mpata pamenepo ndipo zimatichepetsera ntchito. Pa 124 atsala 114. Kuchotsa 36 a khosi, oti achoke ndi 78, kapena 39 mbali iliyonse. Tili ndi masitichi 39 oti achoke m'mipata 37, ndiye aposa ndi awiri. Awiriwo muwachotse koyambirira, pafupi ndi khwapa pamene sipaoneka: pa mizere iwiri yoyamba yochepetsera lukani masitichi atatu pamodzi m'malo mwa awiri, mbali zonse. Imeneyo yachotsa 4 mbali iliyonse. Pa mipata 35 yotsalayo chepetsani imodzi imodzi monga mwa masiku onse. 4 ndi 35 ndi 39, ndipo mukafika mzere wa 74 pa singano patsala 36.

Juzi ikamakula kwambiri, kusiyana kumeneku kumakulanso. Kwa munthu wa chifuwa cha 125 mungapeze masitichi khumi kapena kuposa alibe mipata, ndipo pamenepo mumawamwaza, mzere wochotsa awiri, mzere wochotsa imodzi, kuti msoko usapange ngodya. Kwa inu awiri okha sadzaoneka n'komwe.

Manja nawo ali ndi lamulo limodzi losaphwanyika: mutu wa mkono ukhale ndi mizere 74 yomweyo, ndipo kukhwapa mutseke 5 yemweyo, chifukwa msoko wa lagilani umalumikiza mzere ndi mzere. Zina zonse zimachokera pa mkono wa bambo. Yezani pamene pali ponenepa kwambiri, pamwamba pa chigongono. Tinene kuti mwapeza 34. Wonjezerani danga la 8, ndi 42, kuchulukitsa ndi 2.1 ndi 88, ndi awiri a msoko ndi 90. Kumapeto kwa mkono, pa libu, yambani ndi 50, amene amagawika ndi 4 n'kutsala 2 ndipo ndi pafupifupi masentimita 23, okwana kuti chibakera chidutse. Apa musakulitse chifukwa choti chifuwa chakula. Libu yakumkono ikakhala yotakasuka imagwera m'mbale.

Kuchoka pa 50 kufika pa 90 ndi masitichi 40, kuwonjezera ka 20 mbali iliyonse. Kutalika kwa mkono kuchokera pa mfundo ya dzanja kufika kukhwapa tinene kuti ndi 47. Chotsani 6 a libu, ndi 3 akumtunda amene ndimakonda kuluka mowongoka kuti posoka pasakhale mabampu, atsala 38. Kuchulukitsa ndi 2.8 ndi mizere 106. Mukagawa 106 ndi 20 mupeza 5 ndi kanthu, nambala yosathandiza, chifukwa mzere wachisanu uliwonse umagwera pena kumaso pena kuseri. Ndiye timasakaniza ziwiri zoyandikana nayo, 4 ndi 6. Kapezedwe kake n'kosavuta. Mukanawonjezera pa mzere wachinayi maulendo onse 20, mukanadya mizere 80, kutsala 26. Ulendo uliwonse umene mwausintha kuchoka pa 4 kupita pa 6 umadya mizere iwiri yapamwamba, ndiye 26 kugawa ndi 2 ndi 13. Choncho wonjezerani pa mzere wachinayi uliwonse ka 7, kenako pa mzere wachisanu ndi chimodzi uliwonse ka 13. 28 ndi 78 ndi 106. Yambani ndi za pafupipafupizo, poti mkono umakula msanga kuchokera pa dzanja kupita ku chigongono. Mukatero lukani mizere 8 mowongoka.

Pamutu pa mkono, 90 kuchotsa 10 a kukhwapa ndi 80. Pamwamba musiye 8, amene amakhala gawo la khosi paphewa. Oti achoke ndi 72, kapena 36 mbali iliyonse, m'mipata 37 ija. Apa zatembenuka: mipata yaposa masitichi ndi umodzi. Ndiye kuchepetsa koyamba kuchitike pa mzere wachinayi m'malo mwa wachiwiri, kenako ka 35 pa mzere wachiwiri uliwonse. 4 ndi 70 ndi 74. Thupi lafulumira pang'ono, mkono wazengereza pang'ono, koma onse afika pakhosi pa mzere umodzi. Mukapeza kuti manambala anu akufuna kudumpha mipata yoposa 6 kapena 7 pamkono, ndiye kuti mkono ndi wowonda poyerekeza ndi kuya kwa khwapa, ndipo ndi bwino kuuwonjezera masitichi angapo kusiyana ndi kuukakamiza.

Chinthu china chimene anthu sachiganizira: pa lagilani, kuya kwa khwapa kumawonjezera kutalika kwa mkono ndi kwa juzi yonse. Tawonjezera masentimita awiri pamenepo, ndiye ngati bambo ndi a msinkhu wofanana ndi umene patani inalembera, mkono wa patani uchepetseni ndi awiri omwewo. N'chifukwa chake ndikuti muyeze pa iwo m'malo mokopera kutalika kwa pa pepala.

Mwina wina akuuzani njira yachidule, yoti musasinthe nambala iliyonse koma mungotenga singano zazikulu. Masamu ake ndi oona ndithu: masitichi 114 ooneka aja pa tenishoni ya 20 amatulutsa masentimita 57, ndiye juzi ya 114. Pa kusiyana kwa masentimita 3 kapena 4 ndimachita nanenso. Koma pa 12 sindikulangizani, pokhapokha mutasintha ulusi n'kutenga wonenepa. Dabulo niti wolukidwa motayirira amalowetsa mphepo, ndipo akiriliki akachapidwa kangapo amatsika ndi kulemera kwake. Mphepo ya ku Dedza mu Juni ndi Julaye mukuidziwa bwino kuposa ine. Komanso njira imeneyi imakulitsa chilichonse mofanana, khosi ndi manja omwe, zomwe takana poyamba paja.

Za ulusi, magalamu 500 amene mwagula ndi amene patani yalemba pa saizi yake. Juzi yathu ndi yotambalala kuposa ija ndi gawo limodzi mwa magawo 9, manja ndi okulirapo, khwapa ndi lakuya, ndiponso kachidutswa koyesera kadya wake. Konzekerani magalamu 600. Sabata ino bwererani kumene munagula, mutanyamula kapepala ka pa mpira wa ulusi, chifukwa pamakhala nambala ya mtundu ndi nambala ina ya ulendo umene ananyika utoto, ndipo zonse ziwiri zifanane. Mitundu ya bii monga nevi ndi yofiirira imasiyana pang'ono ulendo ndi ulendo, m'sitolo simungaone koma padzuwa mzere wake umaonekera. Ngati wofanana watha, wosiyanawo muugwiritse pa malibu onse ndi pakhosi, pamene kusintha kwa kalukidwe kumabisa kusiyana kwa mtundu. Mukamaliza chidutswa chakumbuyo, onani ulusi umene chadya, muchulukitse katatu ndi theka. Juzi yonse siiposa pamenepo.

Mukaluka masentimita 10 pamwamba pa libu, imani. Samutsani theka la masitichi pa singano ina kapena pa ulusi wapadera kuti nsalu iyalike bwino, muyeze. Ikhale 58 ndi kamphepete ka msoko, ndipo pakati muwerengenso masitichi a pa masentimita 10. Anthu ambiri amalimbitsa dzanja pa kachidutswa chifukwa akusamala, kenako amamasuka pa juzi yeniyeni akuluka uku akucheza. Mukapeza 20 m'malo mwa 21, juzi ikupita ku masentimita 122, ndipo kumasula masentimita 10 ndi madzulo amodzi okha. Kusiyana kwa sentimita imodzi pa chidutswa kusakudetseni nkhawa.

Chakutsogolo chimayenda ngati chakumbuyo mpaka pamene khosi liyambira. Kuya kwa khosi lakutsogolo musakusinthe, masentimita 7 a patani akwana, omwe kwa inu ndi mizere 20. Ndiye khosi liyamba mukamaliza mzere wa 54 wa lagilani. Pamenepo mwachepetsa m'mipata 27, iwiri ya awiriawiri ndi 25 ya imodzi, masitichi 29 mbali iliyonse, ndipo pa singano pali 56. Ikani 16 apakati pa pini, mbali iliyonse patsala 20. Mwa 20 amenewa, 10 apita ndi lagilani imene ikupitirira monga kale, 8 muwachepetse mbali ya khosi, anayi oyamba mzere uliwonse ndipo anayi enawo mzere wachiwiri uliwonse, ndipo awiri omaliza muwalukire pamodzi pa mapeto. Ngati manambala anu asiyana ndi anga, yambani ndi kupatula a lagilani, otsalawo ndiwo a khosi, ndipo apakati akhale pang'ono kuchepera theka la a khosiwo.

Potola masitichi a libu ya khosi, sokani kaye misoko itatu ya lagilani, musiye umodzi wakumbuyo. Tengani amene ali pa mapini onse, 36 akumbuyo, 8 a mkono uliwonse ndi 16 akutsogolo, ndipo m'mbali mwa khosi lakutsogolo tolani atatu pa mizere inayi iliyonse. Mupeza cha m'ma 96 mpaka 100, ndiye sinthani pang'ono akhale 98 kuti libu igwirizane. Nambala imeneyi ingafanane ndi ya patani kapena kuiposa ndi anayi okha, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Chimene chimakanitsa mutu kulowa kawirikawiri si kuchepa kwa masitichi, ndi mzere wotsekera. Mutu wa munthu wamkulu ndi masentimita 56 mpaka 58 kuzungulira, ndipo libu imatambasuka kufika pamenepo mosavuta, koma mzere wotseka mokoka sutambasuka. Tsekani ndi singano ya mamilimita 4.5 kapena 5, puleni pa puleni, pelo pa pelo, ndipo musanadule ulusi lumikizani msoko wotsalawo ndi mapini, muwaitane bambo alowetse mutu. Ukakanira pamphumi, masulani mzere umodzi wokhawo mutsekenso momasuka.